Kukonza ndandanda wa mafunso ochezera ndi aphunzitsi a sekondale pa kafukufuku

Mukafunsa mphunzitsi wa sekondale kuti "Mumakumana ndi mavuto otani pa ntchito yanu?", yankho silichedwa, ndipo limatuluka lolongosoka kale: malipiro ndi ochepa, nyumba za aphunzitsi kulibe, mabuku sakwanira, ana achuluka m'kalasi. Zonsezo n'zoona. Koma pasukulu yachiwiri mukamvanso zomwezo, yachitatu chimodzimodzi, ndipo mubwerera kwanu ndi mawu ojambula a maola khumi osakuuzani kanthu kalikonse kachilendo. Palinso yankho lina lokonzeratu, lomwe limatuluka mphunzitsi akakuyesani woyendera sukulu: timaika mwana patsogolo, timawagawa m'magulu, timagwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera. Ntchito yaikulu ya ndandanda wanu wa mafunso ndi kumuthandiza mphunzitsiyo kudutsa mayankho awiriwa, mpaka afike pofotokoza zomwe zinachitikadi m'kalasi mwake Lachiwiri lapitali.

Ndandanda amene tikukonza pano ndi wa macheza otsogoleredwa koma osamangika. Mitu ndi mafunso akuluakulu mumakhala mutalemberatu, ndipo aphunzitsi onse mumawafunsa mitu yomweyo kuti mudzathe kuyerekeza zomwe anena. Koma muli ndi ufulu wosintha funso loyambira, kutsatira nkhani yomwe yatulukira mwadzidzidzi, ndi kulumpha funso lomwe layankhidwa kale. Kafukufuku wake ndi wofuna kumvetsa mozama momwe anthu amakhalira ndi chinthu, osati wowerenga kuti ndi angati anati inde.

Tigwira nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: aphunzitsi a kemisitiri m'sukulu za CDSS zomwe zilibe labu.

Choyamba, panikizani funso la kafukufuku

"Zomwe aphunzitsi a sekondale amakumana nazo" ndi mutu chabe, si funso. Mphunzitsi wa pasukulu ya boma yogonera konko m'tauni ndi wa pa CDSS ya kumudzi onse ndi a sekondale, koma tsiku lawo silifanana. Sukulu za CDSS zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali, zinasinthidwa kukhala sekondale zoyendera mu 1998, ndipo ambiri mwa aphunzitsi omwe anazigwira anali ophunzitsidwa za ku pulaimale. Phunziro lomwe kale linkatchedwa Physical Science linagawidwa pawiri, fizikisi payokha kemisitiri payokha, ndipo pa mayeso a MSCE kemisitiri ali ndi pepala loyesa kugwira zipangizo. Mukaika zinthu zitatuzi pamodzi, funso lenileni limaoneka: kodi aphunzitsi a kemisitiri m'sukulu za CDSS zopanda labu amaphunzitsa bwanji mitu yofunika kuyesa ndi manja, nanga iwo eni amaiona bwanji ntchito imeneyi?

Funso limeneli lilembeni pamwamba pa pepala lanu, koma musadzalifunse kwa mphunzitsi aliyense. Ndi lanu, ndipo mudzaliyankha nokha mukasonkhanitsa ndi kusanthula zomwe mwamva. Ophunzira ambiri a m'makoleji amangotenga mafunso a kafukufuku, n'kusintha "aphunzitsi" kukhala "inu", basi ndandanda watha. Mphunzitsi akafunsidwa funso lotambalala choncho amayankha ngati akulemba mayeso, ndipo amakupatsani chidule cha maganizo m'malo mwa nkhani.

Chachiwiri, ligaweni m'mitu yochepa

Dzifunseni kuti: ndiyenera kumva zotani kuchokera kwa mphunzitsi kuti ndithe kuyankha funso langa? Pa nkhani yathu pakutuluka mitu inayi. Woyamba ndi momwe munthuyo anapezekera akuphunzitsa kemisitiri, chifukwa amene anaphunzira sayansi ku Domasi College of Education kapena ku Nalikule sangaione nkhaniyi mofanana ndi amene anapatsidwa phunzirolo chifukwa pasukulupo panalibe wina. Wachiwiri ndi zomwe zimachitika m'kalasi pa mutu wofuna zipangizo. Wachitatu ndi komwe amapeza thandizo: mphunzitsi wamkulu, sukulu zina zoyandikana za m'gulu limodzi lotchedwa kilasita, maphunziro a SMASSE othandiza aphunzitsi a masamu ndi sayansi, komiti ya makolo. Wachinayi ndi momwe zonsezi zimamukhudzira iye mwini, maka nyengo ya mayeso ikayandikira.

Mitu imachokera mu zomwe mwawerenga, koma musadalire mabuku okha. Khalani tsiku limodzi kapena awiri pasukulu ina yomwe simudzachitapo kafukufuku, mumve zomwe zimakambidwa m'sitafurumu. Kumeneko n'komwe mungadziwe kuti masana aphunzitsi ena amaphunzitsanso makalasi a openi, ndiye kuti nthawi yokonzekera phunziro la mawa imachepa. Mfundo yotere ingasinthe funso lanu lonse la kukonzekera.

Pambali pa mutu uliwonse lembani mbali ya funso la kafukufuku yomwe ukuyankha. Mutu womwe mukulephera kuulumikiza, ngakhale ukukusangalatsani chotani, uchotseni. Macheza abwino ndi mphunzitsi amatenga mphindi 45 mpaka 60, ndipo m'nthawi imeneyi simungakwanitse mafunso akuluakulu oposa 8 kapena 12 ngati mukufunadi kuti munthu afotokoze. Ndandanda wa mafunso 30 umakuchititsani kuthamanga, maso ali pa pepala, osamva zomwe munthu akunena.

Chachitatu, funsani za tsiku lenileni, osati maganizo

Apa ndi pomwe ndandanda umakhalira bwino kapena kuonongeka, choncho tikhalapo kanthawi.

Tengani mutu wachiwiri. Funso lomwe limabwera msanga m'mutu ndi lakuti: "Kodi kusowa kwa labu kumasokoneza bwanji kaphunzitsidwe kanu?" Likuoneka labwino, koma lili ndi zilema ziwiri. Lanena kale kuti kumasokoneza, ndiye mphunzitsi amene anapeza njira yomwe amainyadira sangaitchulenso, chifukwa mwamuonetsa kuti mwabwera kudzamva madandaulo. Komanso likufunsa za masiku onse pamodzi, ndipo munthu akafunsidwa za masiku onse amayankha ndi mawu omwe anamva ena akunena.

Lisintheni likhale lotere: "Takumbukirani nthawi yomaliza yomwe munaphunzitsa mutu wa ma asidi ndi ma besi. Tandifotokozerani momwe phunzirolo linayendera, kuyambira pomwe munkakonzekera mpaka belu litalira." Tsopano mphunzitsi alibe yankho losungiratu. Ayenera kubwerera m'kalasi muja m'maganizo mwake. Angakuuzeni kuti anauza ana abwere ndi mandimu ndi phulusa, kuti anaviika maluwa ofiira m'madzi otentha kuti apeze madzi osintha mtundu m'malo mwa litimasi, kuti mabotolo odula pakati ndiwo anali mabika, kuti gulu limodzi linataya madzi ake ndipo panalibe ena. Kapena angakuuzeni kuti anangojambula pa bolodi byureti ndi pipeti, zipangizo zoyezera kuchuluka kwa mankhwala amadzi, ana n'kukopera, chifukwa anali ndi piriyodi imodzi ya mphindi 40 ndipo silabasi inali itatsalira. Mayankho onse awiriwa ndi chuma. Kuchokera m'menemo mudzaona nokha chomwe kusowa kwa labu kumachita, popanda kumuuza mphunzitsi choti anene.

Onani kuti funsoli latchula mutu wa phunziro. Mukangoti "phunziro lina lililonse", ambiri amasankha lomwe linayenda bwino kwambiri, kapena lomwe anaphunzitsa oyendera sukulu atabwera. Mawu akuti "nthawi yomaliza" amathandiza kuchotsa kusankha kumeneku. Ngati mukufuna mbali zonse, funsani kawiri mosabisa: phunziro lomwe anatuluka m'kalasi ali wokhutira, kenako lomwe anatuluka akudziwa kuti ana sanamve.

Pali mitundu ina ya mafunso yoti muisake m'ndandanda wanu n'kuikonza. Funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi, monga "Kodi a hedi amakuthandizani?", limatseka pakamwa, komanso palibe mphunzitsi amene anganene kuti ayi kwa mlendo amene walowa pasukulu kudzera mu ofesi ya a hedi omwewo. Funsani kuti: "Nthawi yomaliza yomwe munafuna mankhwala kapena chipangizo cha phunziro lanu, munapita kwa ndani? Zinatha bwanji?" A hedi atulukira okha m'nkhaniyo ngati analipo, ndipo ngati sanatchulidwe, chimenechonso mwachimva.

Funso lokhala ndi mitu iwiri, monga "Mumakonzekera bwanji phunziro ndi kuyesa ana?", munthu amayankha mbali yomaliza n'kuiwala yoyamba. Ligaweni.

Mawu akuti "chifukwa chiyani" muwasamale kwambiri. M'Chichewa, kufunsa munthu wamkulu kuti "N'chifukwa chiyani simunachite zoyesa ndi ana?" kumamveka ngati mlandu, ndipo yankho lake limakhala lodziteteza. "Chinachitika n'chiyani kuti musankhe kujambula pa bolodi?" kapena "Munaganizira zotani posankha njira imeneyo?" amafika pamalo omwewo popanda kuloza chala.

Mawu a kukoleji nawonso asiyeni kukoleji. Mukafunsa mphunzitsi za TALULAR, akupatsani tanthauzo lake monga anaphunzirira, kuti ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, ndipo anena kuti amachita. Mukamufunsa zomwe zinali pa tebulo lake tsiku limenelo, mudziwa ngati amachitadi ndi momwe amachitira.

Mutu wachinayi, wa momwe iye mwini akumvera, ndi wovuta kuufikira mwachindunji. "Mumamva bwanji?" kawirikawiri amayankhidwa ndi mawu amodzi: "Zimawawa," kapena "Tinazolowera." Umangirireni ku chochitika: "Tsiku lomwe ana anu a Fomu 4 ankalemba pepala logwira zipangizo, inu munali kuti, ndipo m'maganizo mwanu munkayenda zotani?" Mungafunsenso kuti: "Patabwera mphunzitsi watsopano kudzatenga kemisitiri pasukulu pano, mungamuuze chiyani chomwe inu simunauzidwe?" Funso limeneli limamuika pamalo a katswiri, ndipo anthu amalankhula momasuka za zowawa zawo akamazinena ngati malangizo kwa wina.

Chachinayi, lemberanitu mafunso okumbira

Pansi pa funso lalikulu lililonse ikani timafunso tiwiri kapena titatu tokumbira, tolembedwa mwachidule. Awa si oti muwawerenge onse. Ndi okukumbutsani zomwe mukufuna kumva, ndipo mumafunsa okhawo omwe mphunzitsi sanawakhudze yekha. Pansi pa funso la ma asidi ndi ma besi mungalembe: ana analipo angati; zipangizo zinachokera kuti, analipira ndani; ana anagwira okha kapena anangoonerera; atsikana ndi anyamata anatenga mbali mofanana; nthawi inakwana.

Pali okumbira ena osafunika kulemba pa funso lililonse, koma muwazolowere pakamwa: "Kenako?", "Tapitirizani", "Mungandipatse chitsanzo?", ndi kubwereza mawu a munthuyo. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wati: "Pamapeto pake tinangophunzitsa za mayeso basi." Wofunsa wongoyamba amagwedeza mutu n'kupita ku funso lotsatira. Inu munene kuti: "Mwati za mayeso basi. Zimenezo zimaoneka bwanji m'kalasi?" Pamenepo mungamve kuti ana amaloweza kuti mtundu umasintha kuchoka apa kupita apo, amaloweza manambala a pa byureti yomwe sanaigwirepo, ndipo amakaiona koyamba masiku ochepa mayeso asanayambe, pasukulu ina komwe anakabwereka labu. Mawu atatu aja akuti "za mayeso basi" anali atabisa nkhani yonseyi.

Kukhala chete nakonso ndi kukumba. Mphunzitsi akaima, werengani mumtima mpaka zisanu musanalankhule. Aphunzitsi anazolowera kudzaza mpata wa chete m'kalasi, ndipo nthawi zambiri chomwe amawonjezera pambuyo pa kupumako chimakhala chozama kuposa chomwe anayamba nacho.

Chachisanu, sanjani mafunso monga macheza amayendera

Yambani ndi funso losavuta lomwe munthu aliyense amakonda kuyankha: "Tandiuzani momwe munayambira uphunzitsi mpaka kufika pasukulu pano." Limamasula lilime, komanso limakupatsani mbiri ya maphunziro ake popanda kufunsa kuti "Muli ndi satifiketi yanji?" Funso la mapepala ndi lopweteka kwa mphunzitsi wa pa CDSS amene anachokera ku pulaimale, chifukwa wakhala akumva anthu akunena kuti ndi wosayenera. Mukayamba nalo, macheza onse amakhala odzitchinjiriza. Zaka zomwe wagwira ntchito, makalasi omwe amaphunzitsa ndi mapiriyodi ake pa sabata muzilembe pa kafomu kapadera kumapeto, ngati sizinatuluke zokha.

Kuchoka apo lowani m'kalasi, chifukwa ndi pomwe pagona kafukufuku wanu ndipo pafunika nthawi yambiri munthu asanatope. Za thandizo zibwere pambuyo, ndipo za mumtima zikhale chakumapeto, chikhulupiriro chitamangika. Musamalize pa funso lowawa. Bwererani ku lopepuka, monga la malangizo kwa mphunzitsi watsopano, kenako funsani kuti: "Pali china chokhudza kuphunzitsa kemisitiri kuno chomwe sindinafunse koma mukuona kuti ndiyenera kuchidziwa?" Musazimitse chojambulira mawu musanafunse limeneli.

Nanga malipiro ndi nyumba? Adzazitchula ndithu, ndipo musawadule pakamwa, chifukwa ndi moyo wawo. Mverani, kenako mulumikize ndi mutu wanu: "Mwati mumachokera kutali pa njinga. Tsiku lomwe muli ndi phunziro lofuna zipangizo, zimenezi zimatanthauza chiyani?" Dandaulo lija lasanduka mfundo ya kafukufuku.

Ndandanda wathu tsopano ukuoneka motere:

1. Tandiuzani momwe munayambira uphunzitsi mpaka kufika pasukulu pano.
2. Zinakhala bwanji kuti muziphunzitsa kemisitiri?
3. Takumbukirani nthawi yomaliza yomwe munaphunzitsa ma asidi ndi ma besi. Phunzirolo linayenda bwanji, kuyambira pokonzekera mpaka kumapeto?
4. Tandiuzani za phunziro lofuna zipangizo lomwe munatuluka muli okhutira.
5. Nanga lomwe munaona kuti ana sanamve?
6. Nthawi yomaliza yomwe munafuna mankhwala kapena chipangizo, munapita kwa ndani, ndipo zinatha bwanji?
7. Pa maphunziro a aphunzitsi omwe munapitako, n'chiyani chomwe munayesapo m'kalasi mwanu mutabwerako?
8. Ana a Fomu 4 a chaka chatha munawakonzekeretsa bwanji pepala logwira zipangizo?
9. Tsiku la pepalalo, m'maganizo mwanu munkayenda zotani?
10. Mphunzitsi watsopano wa kemisitiri mungamuuze chiyani?
11. Pali china chomwe sindinafunse?

Chachisanu ndi chimodzi, ganizirani chilankhulo

Ku sekondale amaphunzitsa m'Chingerezi, ndiye ambiri amaganiza kuti machezawo akhalenso m'Chingerezi. Aphunzitsi amachitha ndithu, koma ndi chilankhulo cha ntchito, cha malipoti ndi cha oyendera sukulu, ndipo chimakoka mayankho a mtundu womwewo. Nkhani ikafika pa mwana amene analira atalephera, kapena pa manyazi oima kutsogolo kwa kalasi ndi mutu womwe iwe mwini sunauphunzire, anthu amatembenukira ku Chichewa, kapena ku Chitumbuka ngati muli kumpoto. Konzani ndandanda m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo muuzeni mphunzitsi poyamba kuti ali ndi ufulu wosakaniza.

Mukamasulira, pezani munthu wina amene sanaone ndandanda woyamba kuti abweze kumasulirako ku chilankhulo choyamba, kenako muyerekeze. Pomwe pasiyana tanthauzo, pamenepo pali funso lomwe aphunzitsi awiri angalimve mosiyana. Mawu a phunzirolo, monga byureti, asidi, sikimu, asiyeni momwe aphunzitsi amawatchulira. Ndipo werengani funso lililonse mokweza. Ngati mpweya ukutha musanalimalize, kapena likumveka ngati chilengezo cha pa wailesi, lifupikitseni. Ulemu ukhale wa "inu" ndi "aphunzitsi", ngakhale munthuyo ali wamng'ono kwa inu.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani mawu otsegulira ndi kuteteza amene akukuuzani

Pamwamba pa mafunso pakhale ndime yaifupi yomwe mudzanene kwa aliyense mofanana: ndinu ndani, mukufufuza chiyani, macheza atenga nthawi yotani, mujambula mawu ngati alola, ndani adzamve zojambulazo, ndiponso kuti akhoza kukana funso kapena kusiya pakati popanda vuto. Nenani momveka kuti simunatumidwe ndi unduna, simunabwere kudzaona ngati amaphunzitsa bwino, ndipo simukubweretsa labu. Chomalizachi n'chofunika. Mphunzitsi akaganiza kuti pambuyo panu pali thandizo, amakulitsa mavuto poganizira sukulu yake, ndipo sangalakwe kutero.

Komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, kaya ya pa yunivesite yanu kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology, imafuna kuona ndandandawu pamodzi ndi fomu ya chilolezo musanayambe. Mufunikanso kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chomwe sukuluzo zili, kenako kudzera kwa mphunzitsi wamkulu. Koma chilolezo cha a hedi si chilolezo cha mphunzitsi. Ngati waitanidwa ndi bwana wake n'kuuzidwa kuti "chezani ndi alendowa", mufunseni nokha muli awiri ngati akufunadi.

Pa nkhani yathu chinsinsi chili ndi vuto lapadera. Pa CDSS yaing'ono mphunzitsi wa kemisitiri amakhala mmodzi, mwina awiri. Mukalemba kuti "mphunzitsi wa kemisitiri wa pasukulu yakuti anati", mwamutchula dzina ngakhale simunalilembe. Choncho bisani dzina la sukulu, ndipo samalani ndi tizizindikiro monga "mayi yekhayo wophunzitsa sayansi m'kilasita imeneyo". Muuzeni mphunzitsi zoona za malire a chinsinsichi m'mawu anu otsegulira. Malo ochezera nawonso alembeni m'dongosolo lanu: osati mu ofesi ya a hedi, osati m'sitafurumu momwe anzake akulowa n'kutuluka. Kalasi yopanda ana kapena pansi pa mtengo patali ndi mawindo ndi pabwino, bola mphepo isamaombe pa foni yojambulira.

Chachisanu ndi chitatu, yesani ndandanda musanaugwiritse ntchito

Chezani ndi aphunzitsi awiri kapena atatu ofanana ndi omwe mukuwafuna, koma a sukulu zomwe sizili m'kafukufuku. Mnzanu wa m'kalasi ku yunivesite sakwanira, chifukwa amadziwa kale chomwe mukufuna kumva. Jambulani mawu, ndipo macheza amodzi muwalembe onse liwu ndi liwu. Ndi ntchito yotopetsa, ola limodzi la mawu limadya maola anayi kufika asanu ndi limodzi polemba, koma pepalalo limaonetsa zomwe khutu linaphonya.

Liyang'aneni kaye musanaliwerenge. Ngati ndime zanu zili zazitali kufanana ndi za mphunzitsi, mukulankhula kwambiri. Pa macheza oyenda bwino mawu anu amakhala mzere umodzi kapena iwiri, ake n'kudzaza theka la tsamba. Kenako werengani yankho lililonse mukufunsa kuti: muli tsiku, malo, munthu kapena chinthu chogwirika m'menemu? Yankho lodzaza ndi "nthawi zambiri", "timayesetsa", "aphunzitsife" likusonyeza kuti funso silinamufikitse m'kalasi. Funso lomwe onse anayankha kuti "Mukutanthauza chiyani?" ndi losamveka. Lomwe onse anayankha ndi mawu ofanana ndendende lakoka yankho lokonzeratu lija.

Tiyerekeze kuti poyesa mwapeza kuti pa funso 7 mphunzitsi mmodzi sanapiteko ku maphunziro alionse, ndipo anachita manyazi. Funsolo linaganizira kuti aliyense anapitako. Likonzeni: "Kuchokera pomwe munayamba kuphunzitsa kemisitiri, ndani kapena n'chiyani chakuthandizani kudziwa kaphunzitsidwe kake?", ndipo SMASSE itsike kukhala funso lokumbira. Tiyerekezenso kuti funso 3 linatenga mphindi 20 ndipo linayankhiratu funso 4. Musalifupikitse, chifukwa likugwira ntchito yake. Ikani chizindikiro pa mafunso omwe simungawasiye zivute zitani, monga 3, 6 ndi 8, kuti belu likalira mphunzitsi ali ndi kalasi, mudziwe choti mufunse m'mphindi khumi zotsalazo. Pomaliza funsani amene mwayesa nawowo kuti ndi funso liti linawavuta kapena kuwakhumudwitsa, ndi liti lomwe amayembekezera koma silinabwere.

Pomaliza, konzani pepala lonyamula ndi kulola kuti lisinthe

Ndandanda womaliza ukwane masamba awiri. Mafunso akuluakulu akhale a zilembo zazikulu zooneka mukangoponya diso, okumbira akhale pansi pake m'mawu awiri atatu, ndipo kumanja kusiyidwe mpata wolembamo mawu omwe mukufuna kubwererako osamudula munthu. Ulowezeni mokwanira kuti maso anu azikhala pa mphunzitsi.

Mukatha macheza alionse, tsiku lomwelo lembani theka la tsamba: chomwe chinakudabwitsani, funso lomwe silinayende, ndi mutu watsopano womwe watuluka. Ngati aphunzitsi atatu oyamba onse atchula zobwereka labu pasukulu ina mayeso atayandikira, pomwe inu munalibe funso lake, liwonjezereni kwa otsatirawo: anapita liti, anayenda bwanji, ndalama ya ulendo inachokera kuti, ana anagwira zipangizo kwa nthawi yotani. Kusintha kotere n'kololedwa pa kafukufuku wa mtundu uwu, bola mitu ikuluikulu ikhale yomweyo. Lembani deti ndi nambala pa ndandanda aliyense watsopano, sungani akale, ndipo pa macheza alionse lembani kuti munagwiritsa ntchito uti, chifukwa polemba lipoti mudzafunika kufotokoza kuti funso limenelo linafunsidwa kwa aphunzitsi angati mwa onse. Ngati kusinthako kwalowetsa mutu watsopano wovuta, monga wokhudza ndalama za sukulu, dziwitsani komiti yomwe inakupatsani chilolezo musanapitirize.